Bilu yongoyerekeza: umboni wa kasitomala uli pa mita ya pakhomo pake

Mabanja ambiri a m'mizinda ndi m'matauni a dziko lino amadzidzimuka akalandira bilu ya madzi yomwe yakwera kasanu kapena kuposera apo poyerekeza ndi ndalama zomwe amalipira mwezi ndi mwezi, chonsecho pakhomopo sipanachitike ukwati, maliro kapena ntchito ya zomangamanga.

Kawirikawiri bilu yotere imakhala yongoyerekeza. Izi zikutanthauza kuti wowerenga mamita sanaone nambala yomwe ili pa mita mwezi umenewo, ndipo bungwe logulitsa madzi langolemba kuchuluka kwa madzi omwe likuganiza kuti pakhomopo agwiritsa ntchito.

Madzi a m'mipopi m'mizinda ndi m'matauni a dziko lino amagulitsidwa ndi mabungwe asanu omwe amayendera lamulo la Waterworks Act la chaka cha 1995. Mabungwewa ndi Blantyre Water Board, Lilongwe Water Board, Northern Region Water Board, Central Region Water Board ndi Southern Region Water Board. Ngakhale ena mwa iwo akhala akuika mamita olipiriratu, makomo ambiri akadali ndi mamita akale omwe amafunika kuti munthu afike ndi kuwerenga.

Zifukwa zomwe wowerenga mamita amalepherera kuona mita ndi zodziwika kwa aliyense wokhala m'tauni. Geti limakhala lokhoma eni nyumba ali kuntchito, galu amakhala womasula, mita imakwiririka ndi matope m'nyengo ya dzinja, kapena galasi lake limachita nthunzi mkati moti manambala saoneka. Nthawi zina mita imangoima osayendanso. Zikatero bungwe silisiya mweziwo wopanda bilu, koma limayerekeza, ndipo nthawi zambiri limatengera momwe pakhomopo akhala akugwiritsira ntchito madzi m'miyezi ya m'mbuyo.

Kuyerekezako pakokha si mlandu. Vuto limabwera pamene miyezi yomwe atengerapo chitsanzo inali yachilendo, monga nthawi yomwe pamalopo ankaumba njerwa kapena pankakhala alendi ambiri, kapenanso pamene wolemba nambala wasemphanitsa manambala awiri. Ndipo kasitomala amene wangofika ku ofesi ndi mawu akuti bilu yakwera kwambiri amakhala alibe chogwirika, chifukwa kalaliki amangomuonetsa zomwe zili m'kompyuta. Chomwe chimasintha nkhani ndi nambala yomwe ili pa mita tsiku limenelo.

Kuwerenga mita

Mita ya madzi imagwira ntchito ngati chowerengera mtunda cha galimoto. Siyambiranso pa ziro mwezi ukatha, koma imangowonjezera pa nambala yomwe inalipo. Choncho bilu ya mwezi imapezeka pochotsa nambala ya mwezi watha pa nambala ya mwezi uno.

Pa mamita ambiri a pakhomo pamakhala manambala akuda ndi ofiira. Akudawo ndi omwe amawerenga makiyubiki mita, omwe anthu ambiri amangowatchula kuti mayunitsi, ndipo ndi okhawo omwe amalembedwa pa bilu. Ofiira, kapena timivi tofiira tozungulira, amaonetsa malita omwe sanakwane yuniti. Anthu ena amalakwitsa polemba manambala onse pamodzi, n'kudziopseza okha ndi nambala yomwe yakula kakhumi kapena kazana.

Yuniti imodzi ndi malita 1,000. Amenewa ndi madiramu asanu a malita 200, kapena zigubu 50 za malita 20. Kudziwa zimenezi kumathandiza munthu kuona ngati zomwe zalembedwa pa bilu zili zotheka pakhomo pake.

Pa bilu pamakhala nambala ya akaunti, nambala ya mita, tsiku lomwe mita inawerengedwa, nambala yakale ndi nambala yatsopano. Popeza mabilu amalembedwa m'Chingerezi, nambala ziwiri zomalizazi zimapezeka pansi pa mawu monga "Previous Reading" ndi "Current Reading", ndipo mabilu ena amaonetsa ndi mawu akuti "Estimated" kapena chilembo E kuti nambalayo ndi yongoyerekeza. Pomwe palibe chizindikiro chotere, kasitomala ali ndi chifukwa chofunsira ku ofesi ngati mita yake inawerengedwadi mwezi umenewo.

Asanachite china chilichonse, ayenera kuyerekeza nambala ya mita yomwe ili pa bilu ndi yomwe inadindidwa pa mita yeniyeniyo. M'malo momwe mamita angapo anaikidwa pamzere umodzi kunja kwa mpanda, n'kosavuta kuti nambala ya mita ya nyumba yoyandikana nayo ilembedwe pa akaunti yolakwika.

Chitsanzo cha banja la anthu asanu ndi mmodzi

Nkhaniyi imamveka bwino poona chitsanzo cha banja la anthu asanu ndi mmodzi lomwe mita yake imawerengedwa pa 10 mwezi uliwonse. Mu Januwale mita inali pa 1,248, mu Febuluwale pa 1,260, mu Malichi pa 1,273 ndipo mu Epulo pa 1,284. Apa zikuoneka kuti banjali limagwiritsa ntchito mayunitsi 12, 13 kapena 11 pamwezi, omwe ndi malita pafupifupi 400 patsiku.

Bilu ya mwezi wa Meyi ikubwera ndi nambala yatsopano ya 1,342. Kuchotsa 1,284 pa nambalayi kukupereka mayunitsi 58, omwe ndi madiramu 290 m'masiku 30, kapena madiramu pafupifupi khumi tsiku lililonse. Palibe banja la anthu asanu ndi mmodzi lomwe lingathe madzi otere pongosamba, kuphika ndi kuchapa.

Pa 18 Meyi mwini nyumba akupukuta galasi la mita n'kupeza kuti manambala akuda akuwerenga 1,299. Apa mpomwe pagona nkhani yonse. Patapita masiku asanu ndi atatu chilembereni bilu, mita sinafikebe pa 1,342, ndipo mita yogwira ntchito bwino sibwerera m'mbuyo. Bilu ikufuna ndalama za madzi omwe sanadutse m'paipi.

Kuchokera pa 10 Epulo kufika pa 18 Meyi ndi masiku 38, ndipo m'masiku amenewa mita yayenda mayunitsi 15. Powerengera masiku 30 okha, akubwera mayunitsi pafupifupi 12, ofanana ndi miyezi ina yonse. Ndiye kuti pa 10 Meyi mita inali cha pa 1,296, ndipo banjali alilembera mayunitsi 46 omwe silinagwiritse ntchito.

Ndalama zimakwera kuposa mayunitsi, kaamba koti mitengo ya madzi a pakhomo kawirikawiri imakhala m'magawo: mayunitsi oyambirira ndi otsika mtengo ndipo otsatira amakwera. Mitengo yeniyeni imasiyana malinga ndi bungwe komanso chaka, koma pofuna kungoonetsa masamu ake, tingoyerekeza kuti mayunitsi khumi oyamba ndi K1,000 imodzi, 20 otsatira ndi K1,500 imodzi, ndipo opyola 30 ndi K2,000 imodzi. Pa mitengo yongopekayi mayunitsi 12 ndi K13,000, pomwe mayunitsi 58 ndi K96,000. Madzi olembedwawo sanafike pokwera kasanu, koma ndalama zakwera kupyola kasanu ndi kawiri.

Pali zinthu ziwiri zomwe zingachititse kuti nambala ya pa mita ikhale yotsika popanda bilu kukhala yolakwika motere. Choyamba ndi pamene mita inasinthidwa posachedwa, chifukwa yatsopano imayambira pa ziro kapena pafupi ndi ziro. Chachiwiri ndi pamene mita inaikidwa chotembenuza moti ikuwerenga chobwerera, zomwe zimaoneka poyang'ana muvi womwe uli pathupi pake, umene uyenera kuloza kunyumba. Pa zonse ziwirizi nambala ya mita ndi tsiku lomwe inaikidwa ndi zomwe zimathetsa mkangano.

Pamene mita ikugwirizana ndi bilu

Si nthawi zonse pomwe mita imaikira kumbuyo kasitomala. Ikapezeka kuti yafikadi pa nambala ya pa bilu kapena kupitirira, madziwo anadutsa, ndipo funso limakhala lakuti anadutsa liti komanso anapita kuti.

Nthawi zambiri yankho limakhala m'mabilu a m'mbuyo. Bungwe likhoza kuyerekeza motsitsa kwa miyezi ingapo, banja n'kumasangalala ndi bilu yochepa, kenaka wowerenga mamita akadzapeza geti lotsegula, madzi onse otsalira amabwera pa bilu imodzi. Chizindikiro chake ndi mabilu otsatizana okhala ndi mayunitsi ofanana ndendende, monga 8, 8, 8, 8, zomwe sizichitika kawirikawiri pakhomo pomwe mita ikuwerengedwadi.

Banja lomwe limagwiritsa ntchito mayunitsi 20 pamwezi koma lakhala likulembedwa 8 kwa miyezi inayi limakhala ndi mayunitsi 48 osalipira. Pa mwezi wachisanu bilu imabwera ndi 68. Ngongoleyo ndi yoona, ndipo kuikana n'kungotaya nthawi. Koma pali chinthu chimodzi chomwe ambiri sachiona. Pa mitengo yachitsanzo ija, mayunitsi 68 owerengedwa ngati a mwezi umodzi ndi K116,000, chifukwa 38 mwa iwo agwera m'gawo lokwera mtengo kwambiri. Akagawidwa m'miyezi isanu yomwe anagwiritsidwadi ntchito, mwezi uliwonse ndi K25,000, yonse pamodzi K125,000, ndipo pochotsa K32,000 yomwe inalipiridwa kale patsala K93,000. Kusiyana kwake ndi K23,000, yomwe yabwera chifukwa choti mita sinkawerengedwa basi. Kasitomala wotere ali ndi mfundo yomveka yopemphera kuti mayunitsiwo agawidwe m'miyezi yake, komanso kuti aloledwe kulipira ngongoleyo pang'onopang'ono.

Ngati mabilu a m'mbuyo onse anali owerengedwa, ndiye kuti madzi akutayika penapake pakhomopo. Kuyesa kwake sikufuna mmisiri. Mipopi yonse itsekedwe, pasakhale wogejemula kuchimbudzi, ndipo ngati pali thanki yosungira madzi paipi yake itsekedwenso. Kenaka munthu alembe manambala onse a pa mita, akuda ndi ofiira omwe, n'kudikira ola limodzi. Mamita ambiri ali ndi kagudumu kakang'ono pakati pa galasi komwe kamazungulira ngakhale madzi akuyenda pang'ono kwambiri. Kakamazungulira mipopi ili yotseka, madzi akudontha.

Kudontha komwe kumaoneka ngati kochepa kumadya ndalama zambiri chifukwa sikupuma usiku ndi usana. Mpopi kapena paipi yomwe ikudzaza botolo la lita imodzi m'mphindi ziwiri imataya malita 720 patsiku, omwe ndi mayunitsi opitirira 21 pamwezi, kuposa madzi onse omwe banja la m'chitsanzo choyamba lija limagwiritsa ntchito. Malo omwe amabisa vutoli kwambiri ndi kathanki ka chimbudzi chogejemula, komwe madzi amatsetsereka mwakachetechete kulowa m'mtondo, thanki ya pamwamba yomwe imasefukira usiku mphamvu ya madzi ikakwera, ndi paipi ya pansi pa nthaka, yomwe imadziulula ndi udzu wobiriwira pamalo amodzi m'chilimwe.

Pa nkhani ya kudontha, malire amakhala pa mita. Paipi yochokera mumsewu kufika pa mita ndi ya bungwe, ndipo madzi otayika kumeneko sawerengedwa pa bilu. Kuchokera pa mita kulowa kunyumba ndi udindo wa mwini malo, choncho madzi otayikira mbali imeneyo amalipiridwa ngakhale palibe anawamwa.

M'madera momwe madzi amasiyasiya muli vuto linanso. Mapaipi akauma mumalowa mpweya, ndipo madzi akamabwerera amakankha mpweyawo kudutsa pa mita, yomwe imatha kuzungulira ngati mukudutsa madzi. Mabanja omwe amasiya mipopi yotsegula usiku podikira madzi amataya kawiri, chifukwa mpweya umadutsa momasuka ndipo madzi akafika onse ali mtulo amangotayikira pansi. Kutseka chotsekera chachikulu cha pafupi ndi mita madzi akasiya kumachepetsa vutoli.

Kukadandaula ku ofesi

Umboni woyamba ndi chithunzi cha mita chojambulidwa ndi foni, choonetsa bwino manambala akuda ndi nambala ya mita pa chithunzi chimodzi. Chithunzi choonetsa manambala okha n'chosavuta kuchikana, chifukwa chikhoza kukhala cha mita ya wina aliyense. Ndi bwino kujambulanso patatha masiku awiri kapena atatu, popeza zithunzi ziwiri za masiku osiyana zimaonetsa momwe mita ikuyendera patsiku. Pamodzi ndi zithunzizi pafunika mabilu a miyezi isanu ndi umodzi yapitayo ndi malisiti ake.

Dandaulo la pakamwa limathera pa kauntala. Kalata yaifupi ndi yomwe imatsala m'faelo, ndipo iyenera kutchula nambala ya akaunti, nambala ya mita, bilu yomwe ikutsutsidwa, nambala yomwe ili pa mita ndi tsiku lomwe inawerengedwa. Iyeneranso kunena chomwe kasitomala akufuna: kuti bungwe litumize munthu kudzawerenga mita iye ali pomwepo, kuti bilu ikonzedwe potengera nambala yeniyeni, ndiponso kuti madzi asadulidwe nkhaniyo ili mkati. Kasitomala asunge kope lodindidwa chidindo cha tsiku lomwe kalatayo yalandiridwa, kapena nambala ya dandaulo ngati ofesiyo imapereka.

Alendi ambiri amakumana ndi chopinga pamenepa, chifukwa akaunti imakhala m'dzina la mwini nyumba, nthawi zina ngakhale la munthu amene anamwalira kalekale. Ofesi ikhoza kukana kukambirana za akaunti ndi munthu yemwe si mwini wake, choncho kalata yochokera kwa mwini nyumba yopereka chilolezo imapulumutsa ulendo wachiwiri.

Cholakwika chachikulu chomwe anthu okwiya amachita ndi kusiyiratu kulipira. Kompyuta sidziwa kuti pali mkangano pokhapokha wina atalemba zimenezo pa akaunti, ndipo dzina la kasitomala likhoza kutuluka pa mndandanda wa oyenera kudulidwa madzi. Akadulidwa amalipiranso ndalama yolumikizira. Njira yanzeru ndi kulipira ndalama yomwe amalipira mwezi wabwinobwino, monga K13,000 ija m'chitsanzo, n'kulemba m'kalata kuti ndalamayo ndi ya madzi omwe sakuwatsutsa. Izi sizitsimikizira kuti madzi sadulidwa, n'chifukwa chake pempho loimitsa kudula liyenera kulembedwa ndipo yankho lake lifunsidwe tsiku lomwelo.

Ena amalangizidwa kuti angolipira bilu yonse chifukwa idzadzikonza yokha mita ikadzawerengedwa. Pali choona pang'ono pamenepa, koma banja la m'chitsanzo lija lingadikire pafupifupi miyezi inayi kuti mita ichoke pa 1,296 kufika pa 1,342, ndipo likhala litalipiriratu madziwo pa mtengo wa gawo lapamwamba m'malo mwa mtengo wotsika womwe likanalipira mwezi ndi mwezi. Bilu yokonzedwa iyenera kuonetsa nambala yeniyeni ya mita ndi ndalama yochotsedwa, ndipo bilu ya mwezi wotsatira iyenera kuyambira pa nambala yokonzedwayo. Ikayambiranso pa 1,342, ndiye kuti kukonzako sikunalowe m'kompyuta.

Pomwe kasitomala akukayikira mita yeniyeniyo, akhoza kuyamba waiyesa yekha ndi chigubu cha malita 20. Mipopi ina yonse ili yotseka, adzaze chigubucho kasanu n'kuona ngati manambala ofiira ayenda malita 100. Kusiyana kwa malita ochepa n'kosadetsa nkhawa, popeza chigubu sichidzaza mofanana nthawi zonse, koma mita ikaonetsa malita 150 pali chifukwa chopemphera kuti bungwe likaiyese. Ndi bwino kufunsiratu ngati kuyesako kuli ndi malipiro komanso amene amalipira mita ikapezeka kuti ili bwino. Ndi bwinonso kudziwa kuti mamita akale akamatha kawirikawiri amawerenga mochepetsa, moti ena omwe amaumirira kuti awasinthire mita amadzaona bilu ikukwera. Chomwe kasitomala sayenera kuchita ndi kumasula mita kapena kudula kawaya kotsimikizira kuti sinatsegulidwe, chifukwa umenewo ndi mlandu ndipo umasandutsa wodandaula kukhala woyankha.

Ofesi ya m'dera ikalephera kuthandiza, kalata yachiwiri ipite kwa mkulu woona za makasitomala ku likulu la bungwelo, pamodzi ndi kope la kalata yoyamba. Zikakanika kumeneko, pali ofesi ya Ombudsman, yomwe imafufuza madandaulo okhudza kusayendetsa bwino ntchito m'mabungwe a boma, komanso bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a anthu ogula. Bungwe loima palokha la Consumers Association of Malawi nalonso limayankhulira ogula pa nkhani zoterezi. Konseku funso loyamba limakhala lakuti kodi wodandaula anayamba wapereka nkhaniyo kwa eni ake, ndipo yankho lake ndi kope lodindidwa lija.

Ku mbali ya magetsi nkhani ya mabilu ongoyerekeza inachepa kuchokera pomwe bungwe la ESCOM linaika mamita olipiriratu m'makomo ambiri. Kwa omwe akadali ndi mita yolipira pakutha pa mwezi, masamu ake ndi omwewa, kungoti yuniti ya magetsi ndi kWh. Dandaulo lomwe ESCOM yalephera kulithetsa limapita ku bungwe la Malawi Energy Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la Energy Regulation Act la chaka cha 2004. Amene akusamutsidwa kuchoka pa mita yakale kupita pa yolipiriratu, kaya ya madzi kaya ya magetsi, ajambule nambala yomaliza ya mita yakaleyo isanachotsedwe, chifukwa ngongole yotsala imawerengedwa kuchokera pa nambala imeneyo, ndipo mita ikachoka pakhomo palibenso poonera.

Banja lomwe limatseka geti masana likhoza kupewa zambiri mwa izi pofunsa ku ofesi masiku omwe wowerenga mamita amafika m'dera lawo, komanso ngati bungwe limalandira nambala yomwe kasitomala wawerenga yekha. Kope laling'ono lolembamo nambala ya mita pa tsiku limodzi mwezi uliwonse limaonetsa kudontha mwezi womwewo kwayamba, ndipo tsiku lopita kukadandaula limaikidwa pa kauntala pambali pa zithunzi ndi malisiti.